Kuchotsa nyambo pamutu wa nkhani: tikonze mutu umodzi, mawu ndi mawu

Tiyerekeze kuti mwafika pantchito m'mawa, ndipo mwapeza nkhani iyi ikudikira kuti muione isanaikidwe pa intaneti:

ZOOPSA! Chakudya ichi chomwe mumadya tsiku lililonse chimapha ngati fodya, madokotala aulula!!!

*Kodi mumalikonda banja lanu? Ndiye musadye kanthu musanawerenge izi. Dziko lonse lagwedezeka madokotala ataulula chinsinsi chomwe akhala akubisa kwa zaka zambiri. Akuti chakudya china chomwe chili m'nyumba mwanu pompano ndi chiphe, ndipo mukachidya khansa ikupezani basi.*

Mutuwu ndi ndimeyi ndazilemba ndekha kuti tiphunzirirepo, koma nkhani yomwe ili kuseri kwake ndi yeniyeni. Pa 26 Okutobala 2015, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, yotchedwa IARC, inalengeza zomwe inapeza pa nyama yokonzedwa kuti isungike, monga soseji ndi hamu. Sabata imeneyo mitu yoyerekeza nyamayi ndi fodya inali mbwee m'maiko ambiri. Ndasankha nkhaniyi chifukwa mfundo zake n'zolembedwa ndipo n'zodziwika, choncho titha kuona bwinobwino pomwe mutu wa nyambo wapatukira.

Ambiri akauzidwa kuti auziziritse mutu wotere, amafufuta mifuuliro itatu ija, n'kusintha zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, basi n'kumati ntchito yatha. Chomwe chimatsala ndi ichi: "Chakudya chomwe mumadya tsiku lililonse chimapha ngati fodya, atero madokotala." Ukuoneka waulemu, koma bodza lonse likadali momwemo. Pamenepa ndiye laopsa kuposa kale, chifukwa tsopano lavala jekete, ndipo wowerenga yemwe akanaukayikira mutu wofuula uja aukhulupirira uwu. Ntchito yeniyeni imayambira kumbuyo, kugwero la nkhani.

Choyamba: phwanyani mutuwo, muwerenge zomwe ukunena

Musanasinthe liwu lililonse, tengani pepala mulembe chinthu chilichonse chomwe mutu ndi ndime yoyamba zikuuza wowerenga kuti n'choona, chilichonse pamzere wakewake. Mumutu wathuwu ndikupezamo zisanu ndi chimodzi. Wowerenga amadya chakudyachi tsiku lililonse. Chakudyachi chimapha mofanana ndi fodya. Onena ndi madokotala. Panali chinsinsi chomwe chimabisidwa. Dziko lonse lagwedezeka. Aliyense wodya chakudyachi adwala khansa.

Kenako lembani zomwe mutuwo wakana kunena. Sunatchule chakudyacho. Sunatchule bungwe lomwe lalankhula, tsiku, kapena mtundu wa khansa. Mawu oti "chakudya ichi" akuloza chinthu chomwe sichikuoneka, ndipo apa ndiye pali mbedza. Katswiri wina wa ku America, George Loewenstein, analemba mu 1994 kuti chidwi chimabadwa munthu akazindikira mpata pakati pa zomwe akudziwa ndi zomwe akufuna kudziwa. Wolemba mutu wa nyambo amakumba mpatawo dala kuti wowerenga adine. Kampani ya Facebook italengeza mu Ogasiti 2016 kuti ichepetsa kufalikira kwa mitu yotere, inatchula zizindikiro ziwiri: mutu wobisa mfundo yofunika kuti munthu amvetse nkhani, ndi mutu wokokomeza mpaka kusocheretsa. Mapepala anu awiriwa, la zonenedwa ndi la zobisidwa, akugwira matenda awiri omwewo.

Chachiwiri: pitani kugwero lenileni, osati kwa amene anamva

Apa ndi pomwe pamatha nthawi yambiri, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha. Musatsimikize nkhaniyi powerenga nyuzipepala ina yomwe yalemba zomwezo, chifukwa mwina nayonso inakopera kwa ina. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pezani chikalata chomwe eni nkhani anatulutsa, kaya ndi lipoti, chigamulo cha khoti, kapena mawu ojambulidwa, ndipo muchiwerenge mpaka pansi.

Chikalata cha IARC chinanena izi. Akatswiri 22 ochokera m'maiko 10 anaunika kafukufuku woposa 800 yemwe anali atachitika kale. Anagamula kuti pali umboni wokwanira woti nyama yokonzedwa, kutanthauza yothiridwa mchere, yofukizidwa utsi kapena yothiridwa mankhwala kuti isungike kapena ikome, imayambitsa khansa ya m'matumbo aakulu. Anaiika m'gulu 1. Nyama yofiira wamba, monga ya ng'ombe, ya nkhumba ndi ya nkhosa, anaiika m'gulu 2A, la zinthu zomwe zikuoneka kuti zimayambitsa khansa koma umboni wake mwa anthu ndi wocheperapo. Ananenanso kuti magalamu 50 aliwonse a nyama yokonzedwa odyedwa tsiku ndi tsiku amakweza chiopsezo cha khansayo ndi 18 peresenti.

Tsopano bwererani kupepala lanu, muike mfundo iliyonse pambali pa chikalatachi.

"Mumadya tsiku lililonse" mulibe m'chikalata. Wolemba sakudziwa zomwe wowerenga amadya, ndipo alipo ambiri omwe sanalawepo hamu chibadwire. Fufutani. "Madokotala" si zoona kwenikweni: wolankhula ndi bungwe lomwe lili ndi dzina, ndiye litchuleni. "Chinsinsi chobisidwa" ndi bodza lamkunkhuniza, poti akatswiriwo anaunika kafukufuku yemwe anali poyera kale. "Dziko lonse lagwedezeka" palibe anayeza. "Khansa ikupezani basi" ikutsutsana ndi nambala yomwe ili m'chikalatamo, monga tione posachedwa.

Yatsala imodzi, yovuta kuposa zonse, chifukwa ili ndi kachidutswa ka choonadi.

Chachitatu: khalani pansi ndi mfundo yomwe ili yoona theka

"Chimapha ngati fodya" sichinangotuluka m'mutu mwa wolemba. Kusuta fodya kulidi m'gulu 1 lomwelo, pamodzi ndi asibesitosi. Wina ataona soseji ndi ndudu zili pamndandanda umodzi, anaganiza kuti n'zoopsa mofanana. Koma magulu a IARC sanena kukula kwa ngozi. Amanena kulimba kwa umboni woti chinthucho chimayambitsadi khansa. Titha kukhala otsimikiza kotheratu kuti singano imabaya, n'kukhalanso otsimikiza kotheratu kuti mkondo umabaya, koma kutsimikiza kofananako sikukutanthauza kuti mabala ake ndi ofanana. Bungwe la WHO linafotokoza lokha kuti kukhala m'gulu limodzi sikutanthauza kuopsa mofanana, ndipo linapereka manambala oyerekezera: anthu pafupifupi 34,000 pachaka padziko lonse amafa ndi khansa yokhudzana ndi kudya kwambiri nyama yokonzedwa, pomwe ofa ndi khansa yobwera chifukwa chosuta fodya ndi pafupifupi 1 miliyoni. Gawani nokha muone: kusiyana kwake n'kwa maulendo pafupifupi 30.

Mutu uliwonse wa nyambo womwe wafalikira kwambiri umakhala ndi mfundo yotereyi pakati pake, yoona theka. Bodza lenileni n'losavuta kuligwira. Chomwe chimapulumuka pamaso pa mkonzi ndi chija chomwe wolemba angachiteteze ponena kuti "koma zili m'lipoti". Funso lofunsa si loti mawuwa akupezeka m'lipoti kapena ayi. Funsani kuti munthu wowerenga mutu wokhawu, osatsegula nkhani, achokapo akukhulupirira chiyani, ndipo kodi eni lipoti angavomereze zimenezo?

Nambala ya 18 peresenti nayo ili ndi msampha wake. Wowerenga wamba akaona "18 peresenti" pafupi ndi liwu loti khansa, amamva kuti mwa anthu 100 odya soseji, 18 adwala. Si zimenezo. Nambalayi ikunena za kukwera kwa chiopsezo chomwe chilipo kale. Tiyerekeze kuti kudera lina, mwa anthu 100 osadya nyamayi, 6 amadwala khansa ya m'matumbo nthawi ina pamoyo wawo. Kukwera ndi 18 peresenti ndiye kuti 6 uja timuchulukitse ndi 1.18, zomwe zikutipatsa 7 ndi kakang'ono. Choncho mwa anthu 100 odya magalamu 50 tsiku lililonse, odwala angakhale 7 m'malo mwa 6. Munthu mmodzi wowonjezera pa 100 si nkhani yochepa mukaganiza za mamiliyoni a anthu, komabe ili kutali ndi "khansa ikupezani basi". Lamulo langa n'lakuti peresenti ya kukwera isalowe m'mutu pokhapokha ndikudziwa nambala yoyambira, ndipo ndikaiika m'ndime, chiganizo chotsatira chifotokoze tanthauzo lake ndi anthu owerengeka.

Chachinayi: nenani nkhaniyo pakamwa, m'chiganizo chimodzi

Tsekani chikalata, tsekani nkhani yoyamba ija, ndipo yerekezani kuti mnzanu wakufunsani ali pakhomo, akutuluka, kuti "kwachitika chiyani?" Simungamuyankhe kuti "simungakhulupirire". Munganene kuti: "Bungwe la WHO lati soseji ndi nyama zina zokonzedwa zimayambitsa khansa ya m'matumbo, koma ngozi yake kwa munthu mmodzi si yaikulu ngati ya fodya." Lembani chiganizo chimenecho momwe chatulukira. Muli ndani wanena, wanena chiyani, ndi kukula kwa nkhani. Mutu ndi ndime yoyamba zonse zichokera m'menemo.

Ngati mwalephera kupanga chiganizochi, vuto si la mutu ayi. Kutheka kuti nkhaniyo mulibe kanthu, ndipo nyambo ija imabisa umphawi umenewo. Zikatero mubwezereni wolemba.

Chachisanu: sankhani mneni, chifukwa mutu wonse wakhala pa iye

Anthu amalimbana kwambiri ndi afotokozi, mawu ngati "zoopsa", "zodabwitsa", "zochititsa manyazi". Amenewo ngosavuta: afufuteni onse, ndipo mukaona kuti mutu wasanduka wopanda kanthu, ndiye kuti munalibe mfundo chiyambire. Pomwe pamafunika kuganiza ndi pa mneni.

Yambani ndi mneni wonena za wolankhula. "Aulula" akutanthauza kuti panali chobisika, komanso kuti zomwe zanenedwazo n'zoona. "Avomera" akutanthauza kuti munthuyo ankakana poyamba. "Akalipa", "adzudzula" ndi "aopseza" amanena za mtima wa wolankhula, womwe mwina simunauone. Aneni omwe satenga mbali ndi ochepa ndipo ngosakometsa: "lati", "latero", "lanena", "lalengeza". Musachite nawo manyazi ngakhale atabwerezedwa kanayi m'nkhani imodzi. Wowerenga sawaona n'komwe, ndipo ndiyo ntchito yawo.

Chenjerani ndi "akuti". Kaliwu kameneka n'kokoma pakamwa chifukwa kamalola munthu kunena chilichonse popanda mwini wake. M'ndime ya nyambo ija, "Akuti chakudya china..." sikutiuza kuti akutero ndani. Nthawi iliyonse mukakumana ndi "akuti", funsani kuti "ndani?" Yankho likapezeka, lembani dzinalo kutsogolo kwake. Likapanda kupezeka, chiganizo chonsecho chichoke.

Kenako mneni wonena za chinthucho. Taonani makwerero awa, kuyambira pamwamba: chimapha, chimayambitsa, chimawonjezera chiopsezo, chitha kuyambitsa, chikuganiziridwa kuti chimayambitsa. Ntchito yanu n'kupeza khwerero lomwe gwero laima, osakwera pamwamba pake komanso osatsika pansi pake. "Chimapha" n'kukwera kwambiri. Koma taonani mbali inayi: mkonzi wamantha angalembe kuti "soseji zikuganiziridwa kuti mwina zitha kuyambitsa khansa", n'kumadziona ngati wasamala. Ameneyo walakwitsanso, chifukwa IARC sinakayikire za nyama yokonzedwa. Mawu okayikirawo akuyenera nyama yofiira ya m'gulu 2A. Kufooketsa mfundo yolimba n'kunamiza wowerenga chimodzimodzi, kungoti kulibe phokoso.

Pakati pa "zimayambitsa" ndi "zimawonjezera chiopsezo", onse awiri ali m'chikalata ndipo onse ngoona. Ine pamutu ndingasankhe wachiwiriyu. Chifukwa chake n'chakuti mutu umayenda wokha, wopanda ndime yofotokozera, ndipo "zimayambitsa khansa" munthu wothamanga amamva ngati aliyense wodya adwala. "Zimayambitsa" ndimusungira ndime yoyamba, pomwe pali malo omuika ndi mnzake womuchepetsa liwiro. Mkonzi wina angasankhe mosiyana ndipo sindingakangane naye kwambiri, malinga dzina la WHO lilipo.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani mutu

Kuyesa koyamba kungakhale kotere:

*Nthambi ya WHO yatulutsa lipoti la nyama ndi umoyo*

Mulibe bodza, komanso mulibe nkhani. Uwu ndi mutu wa chikwatu cha mafailo. Ukubisa mfundo monga momwe nyambo ija imachitira, kusiyana kwake n'kwakuti uwu palibe angaudine. Kuyesa kwachiwiri:

*Kodi soseji zimayambitsa khansa?*

Mfunsiro ndi khomo lakumbuyo lomwe nyambo imalowera ikathamangitsidwa kutsogolo. Mtolankhani wa ku Britain, Ian Betteridge, anatchuka mu 2009 ndi mawu oti mutu uliwonse wothera ndi funso utha kuyankhidwa kuti ayi, kutanthauza kuti olemba amabisala kufunso akakhala kuti alibe umboni. Pano zatembenuka, yankho tili nalo ndipo ndi inde, ndiye kufunsa n'kumana wowerenga chinthu chomwe tili nacho m'manja. Kuyesa kwachitatu:

*WHO: Soseji ndi hamu zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo*

Uwu wakwana. Wolankhula watchulidwa, chakudya chatchulidwa, mtundu wa khansa watchulidwa, ndipo mneni waima pakhwerero loyenera. Ndalemba "soseji ndi hamu" m'malo mwa "nyama yokonzedwa" chifukwa mawu achiwiriwa munthu angamve ngati nyama iliyonse yophikidwa, ndipo tikatero taopseza anthu omwe nkhaniyi sikuwakhudza. Zitsanzo ziwiri zodziwika zikugwira ntchito bwino kuposa dzina la gulu lonse, ndipo ndime yoyamba imaliza kufotokoza.

Onaninso dongosolo la mawu. Pafoni ndi pazotsatira za kusaka pa intaneti mutu wautali umadulidwa, kawirikawiri ukapitirira zilembo pafupifupi 60. Mawu athu ndi aatali, choncho kudulidwako kumatipeza msanga. Phimbani ndi chala mbali yakumapeto ya mutu wanu muwerenge zotsalazo. Mukaika "latero bungwe la WHO" kumapeto, ndi mawu amenewo omwe amagwa, ndipo mfundoyo imatsala ngati yanu. N'chifukwa chake ndaika dzina la bungwe kutsogolo.

Mfundo ya fodya sinalowe m'mutu, ngakhale moitsutsa. Mutu woti "Soseji si zoopsa ngati fodya" ndi woona, koma ukuyankha mphekesera m'malo monena nkhani, ndipo ukubzala m'maganizo a wowerenga kuyerekeza komwe mwina anali asanakumve. Mutu wotere ndi woyenera nkhani yachiwiri, ya mawa lake, mphekeserayo itafala kale.

Chachisanu ndi chiwiri: lembani ndime zoyamba

Ndime ya nyambo ija inayamba ndi funso lokhudza banja, kenako lamulo, kenako mantha, ndipo itatha ziganizo zinayi tinali tisanadziwebe chakudyacho. Nkhani yodekha imayenda mosiyana: cholemera kwambiri chimakhala pamwamba, zopepuka zimatsika m'munsi, kuti munthu akasiyira paliponse achoke ndi zofunika. Ndime yoyamba ikhale chiganizo chimodzi cha mawu osapitirira 30 kapena 35, choyankha kuti ndani, wachita chiyani, ndi liti. Za kuti, chifukwa chiyani ndi motani zitha kudikira ndime yachiwiri ngati zikulemetsa yoyamba.

*Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO yati Lolemba pali umboni wokwanira woti nyama yokonzedwa kuti isungike, monga soseji ndi hamu, imayambitsa khansa ya m'matumbo aakulu.*

*Nthambiyo, yotchedwa IARC, yati kudya magalamu 50 a nyamayi tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansayo ndi 18 peresenti. Izi zikutanthauza kuti komwe anthu 6 mwa 100 amadwala matendawa pamoyo wawo, chiwerengerocho chingafike pa 7 mwa anthu 100 odya mlingo umenewu.*

*Nyamayi yaikidwa m'gulu limodzi ndi kusuta fodya, koma WHO yati maguluwa amasonyeza kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi. Akatswiri 22 a m'maiko 10 ndiwo afika pa mfundoyi ataunika kafukufuku woposa 800.*

Werengani ndime yoyambayo mokweza. Pali kachinthu kamodzi kolakwika komwe ndakasiya dala: "yati Lolemba pali umboni" kakumveka ngati umboniwo ulipo Lolemba lokha. Sunthani tsikulo, likhale "yalengeza Lolemba kuti pali umboni wokwanira". Zolakwika zamtunduwu diso limazidumpha, khutu ndi lomwe limazigwira.

Taonaninso zomwe zachoka. Mawu oti "inu" ndi "mwanu" mulibenso, chifukwa nkhani yodekha imanena za zomwe zachitika, siloza wowerenga chala. Mulibe lamulo loti achite kapena asachite kanthu. Izi zili ndi chifukwa chake chapadera pankhaniyi: pa 29 Okutobala 2015, patangopita masiku atatu, WHO inatulutsa chikalata china chofotokoza kuti lipotilo silikuuza anthu kuti asiye kudya nyama yokonzedwa, koma likusonyeza kuti kuchepetsa kungachepetse chiopsezo. Nyuzipepala yomwe inalemba kuti "musadye" inaika mkamwa mwa bungwelo mawu omwe silinanene.

Chenjezo la fodya ndaliika m'ndime yachitatu, osati yakhumi. Mfundo yomwe ikusintha momwe munthu angamvere nkhani yonse iyenera kukhala pomwe ambiri afikapo. Chizolowezi chimodzi cha olemba nyambo n'kuika choonadi pansi penipeni, kuti akafunsidwa aloze kuti "si ichi, tinalemba".

Nkhani ikakhala ya munthu woimbidwa mlandu

Njira yonseyi ndi yomweyo, koma makwerero a aneni aja amakhala ndi mano, chifukwa kulakwitsa kwake kutha kukufikitsani kukhoti pamlandu woipitsa mbiri ya munthu. Kufunsidwa mafunso ndi apolisi, kumangidwa, kutsegulidwa mlandu, kuzengedwa ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu zisanu zosiyana, ndipo mutu wa nyambo umakonda kulumpha kuchoka pa choyamba kufika pa chomaliza. "Mbava yagwidwa" yagamula kale mlandu. Mutu wodekha umati "Apolisi amanga bambo pomuganizira kuti waba", ndipo munthuyo amakhalabe woganiziridwa mpaka khoti litagamula.

Ine ndinaphunzira izi movutikira ndili wongoyamba kumene. Ndinalemba pamutu kuti mkulu wina "wavomera", pomwe iye anangoyankha kuti inde, analipo pamsonkhano womwe unkakambidwawo. Mkonzi anazunguliza liwulo ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali pake mawu awiri okha: "Anakana liti?" Ndinabwerera ku zomwe ndinajambula, ndipo panalibe pomwe munthuyo anakanapo kanthu. Liwu limodzilo likanamuonetsa ngati wolakwa yemwe wapanikizidwa. Mitengero nayo isakunamizeni kuti ingakutetezeni: kuika mawu m'mitengero pamutu kukutanthauza kuti wina anawalankhula ndendende momwemo, ndipo muyenera kutha kuloza mphindi yomwe anawalankhula.

Pomaliza: yesani, kenako sakani komwe nyambo yatsalira

Mayeso oyamba ngoti mutenge liwu lililonse la m'mutu muliloze m'nkhani. "WHO" ili m'ndime yoyamba, "soseji ndi hamu" momwemo, "chiopsezo" m'ndime yachiwiri. Liwu lomwe lilibe kwawo m'nkhani lichoke. Mayeso achiwiri amafuna munthu wina: mupatseni mnzanu yemwe sanaione nkhaniyi mutu wokha, ndipo mumufunse kuti wamva chiyani. Akati "soseji zimawonjezera mwayi wodwala khansa ya m'matumbo, atero a WHO", mwakhoza. Akati "ndiye kuti nyama yonse ndi yoipa", bwererani pa dzina la chakudyacho. Akafunsa kuti "ndiye chachitika n'chiyani?", mwauziziritsa mpaka kuupha.

Mukatero musatseke kompyuta msanga. Nkhani ya pa intaneti imakhala ndi mitu ingapo, ndipo kukonza umodzi sikukonza yonse. Pali mutu wa patsamba, pali mutu ndi chidule chomwe chimaoneka nkhani ikagawidwa pamasamba a mchezo, pali mawu a pansi pa chithunzi, ndiponso adiresi ya nkhaniyo, yomwe mapulogalamu ambiri amaipanga okha kuchokera kumutu woyamba. Mutha kukhala ndi mutu wodekha pamwamba, adiresi yake ikunenabe kuti:

```
/zoopsa-chakudya-chimapha-ngati-fodya
```

Ngati nkhani sinatuluke, isintheni adiresiyo igwirizane ndi mutu watsopano. Ngati inatuluka kale, kusintha adiresi kumathyola maulalo omwe anthu agawana, choncho pemphani woyang'anira tsamba kuti adiresi yakale izitumiza anthu kuyatsopano. Masamba a mchezo amasunganso mutu wakale kwa kanthawi, ndiye gawani ulalowo kwa inu nokha muone chomwe chikutuluka.

Yang'anani chithunzi. Chithunzi cha soseji zondandalikidwa m'paketi ya ndudu, kapena cha munthu ali gone m'chipatala, chimabweza bodza lonse lomwe mwachotsa m'mawu. Mbale ya soseji ndi hamu yokha ndi yokwanira. Ndipo ngati mutu wakale unafika kale kwa owerenga, onjezerani mzere pansi pa nkhani wonena chomwe chasintha: "Mutu wa nkhaniyi wakonzedwa. Woyamba unanena molakwika kuti nyama yokonzedwa ndi yoopsa mofanana ndi fodya." Lembaninso tsiku ndi nthawi yomwe mwakonzera.